Sewero limodzi, maina awiri: cinsinsi ca Twist of Fate

Mukakwera basi ya ku Kamwala m'mawa, simulephera kumva azimayi akukangana za Abhi ndi Pragya monga ni ana a aneba awo. Koma wina akatulutsa foni kuti aone zam'tsogolo, mabandulo amangotha, gawo lomwe afuna osalipeza. Vuto si foni iyai. Vuto ni dzina.

Sewero lomwe tidziwa kuti Twist of Fate pa Zee World, kwao ku India limachedwa Kumkum Bhagya, ndipo linayamba kuonetsedwa pa Zee TV mu 2014. Kumkum ni ufa wofiira umene mkazi wokwatiwa wa Cihindu amapaka pamphumi, pomwe bhagya ni mwai kapena zimene munthu analembedwera. Mmwenye wa m'sitolo pa Kamwala akamva dzinali adziwiratu kuti nkhani ni ya cikwati. Ise kuno ufawo sutiuza kanthu, ndiye cifukwa cake oika mau a Cizungu anausiya, n'kusunga cabe mbali ya mwai.

Onani zomwe anacita ndi sewero linzake. Mu 2017 kunabadwa Kundali Bhagya, nkhani ya Preeta, mng'ono wake wa Pragya. Kundali ni pepala la nyenyezi limene makolo amayang'ana asanavomere cikwati. Kuno analicha This is Fate. Liu lakuti Fate analibweza dala, monga mmene Bhagya aonekera m'maina onse awiri, kuti woonerera adziwe kuti masewerowa ni a banja limodzi.

Nanga maina a anthu? Apa kambiri sakhudza. Ponena kuti Abhi kapena Pragya milomo imatsekeka pa b ndi p. Mukaikapo dzina lopanda zilembo zotero, mau ndi pakamwa zisiyana, ndipo ngakhale mwana aona kuti cina cake calakwika. Komanso dzinalo limaoneka pa makalata ndi pa zikwangwani m'kati mwa sewero.

Koma si konse komwe amatero. Sewero la ku Turkey lochedwa Gümüş litamasuliridwa m'Ciarabu mu 2008, linakhala Noor, ndipo mnyamata wake Mehmet anasanduka Muhannad. Kumeneko anasintha zonse kuti anthu amve ngati ni nkhani ya pakhomo pao.

Manje ngati mufuna kupeza zam'tsogolo, musadalire dzina la Cizungu lokha. Lembani maina a anthu awiri akuluakulu a m'sewerolo, monga Karan Preeta, dzina la ku India lituluka lokha. Cenjeraninso ndi manambala: kuno seweroli amalidula m'masizoni, pomwe ku India amangowerenga magawo motsatana mpaka kupitirira 2,000. Mnyamata wokopera masewero pa kadi mukamuuza cabe kuti sizoni yacitatu, angakuikireni zomwe munaona kale, kapena za Cihindi zokhazokha. Muuzeni atsegule gawo limodzi, mumve cilankhulo ndi makutu anu, ndiye mulipire.