Funso Lofuna Chiganizo Cholakwika

Pa mayeso osankha yankho, monga ena mwa omwe bungwe la MANEB limalembetsa, mafunso ambiri amafuna yankho loona. Koma pakati pa mafunsowo pamapezeka lina lotembenuka, lomwe limafuna chiganizo cholakwika. Funso lotere limagwetsa ngakhale ophunzira odziwa bwino phunziro, chifukwa diso lidazolowera kusaka choona, ndipo likangochiona dzanja limathamangira kuchonga.

Chomwe chimatembenuza funsoli n'chaching'ono kwambiri. M'Chichewa ndi kaphatikizo ka "si" kapena "sa" kobisala m'kati mwa mawu, moti "olondola" ndi "osalondola" amasiyana ndi zilembo ziwiri zokha. M'Chingerezi namo mawu okana ofala kwambiri ali ndi zilembo zitatu basi. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ndi kudula mzere kunsi kwa mawu okanawo asanawerenge mayankho.

Funso likhoza kukhala ili: "Ndi chiganizo chiti chomwe sichoona?" A akuti dziko la Malawi lidalandira ufulu wodzilamulira mu 1964. B akuti likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. C akuti mtsinje wa Shire umathira m'nyanja ya Malawi. D akuti phiri la Mulanje ndilo lalitali kuposa onse m'dziko muno.

Wopupuluma amawerenga A, n'kuona kuti 1964 ndi chaka chenicheni, n'kuchonga pomwepo. Mbiri akuidziwa, koma malikisi ataya. Wodekha amayesa chiganizo chilichonse pachokha ngati funso la "zoona kapena zabodza", n'kulemba kachizindikiro pambali ndi pensulo. A ndi zoona, B ndi zoona, D ndi zoona. C ndi yabodza, pakuti Shire amachita kutuluka m'nyanjayo ku Mangochi n'kukathira mu Zambezi ku Mozambique. Zoona zitatu ndi bodza limodzi: bodzalo ndilo yankho.

Zizindikirozi zimathandizanso pena. Munthu akamalimbana ndi chiganizo chovuta, pofika pa D amakhala atayiwala kuti funso lidali lokana, ndiye zolemba za pambali zija zimamukumbutsa. Zimaululanso ngati wasokonezeka. Akapeza kuti mayankho awiri kapena atatu onse akuoneka oyenera kuchonga, kawirikawiri ndiye kuti funso waliwerenga mozondotsa, ndipo ayenera kubwerera pamwamba.

Zikaoneka zabodza ziwiri, asankhe chomwe angathe kuloza mawu enieni olakwika ndi kuwakonza, monga kusintha "umathira" kukhala "umatuluka". Chiganizo chomwe changomveka chachilendo sichikhala chabodza pa chifukwa chimenecho chokha.

Chovutitsitsa ndi pamene yankho nalo lili ndi mawu okana, monga lakuti "Zomba si likulu la dziko lino." Chiganizochi n'choona ngakhale chili ndi "si", choncho pa funso lofuna cholakwika sichiyenera kuchongedwa.