Ngongole ya 5 peresenti pamwezi imene kwenikweni ndi 153 peresenti pachaka

M'maofesi ambiri obwereketsa ndalama zing'onozing'ono, munthu akafunsa za chiwongoladzanja amayankhidwa mwachidule: faifi peresenti pamwezi, fulati. Wobwereka amamvetsa bwino mawu oyambawo, koma liwu lomalizalo limangomudutsa m'khutu. Akafika kunyumba amachulukitsa 5 ndi miyezi 12, napeza 60 peresenti pachaka, n'kunena kuti n'kokwera ndithu koma n'kotheka. Masamu amenewo ndi olakwika pawiri, ndipo kulakwikako kumakomera wobwereketsa.

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe amene akufuna K300,000 yoti akapikulire mabelo. Bungwe lamupatsa ndalamayo kuti abweze pa miyezi 6, pa 5 peresenti fulati. Kuwerengera kwa bungwelo n'kosavuta, ndipo n'chifukwa chake alangizi a ngongole amakukonda. Amatenga 5 peresenti ya K300,000, yomwe ndi K15,000, naiika pa mwezi uliwonse. Ngongole yeniyeniyo amaigawa pasanu ndi kamodzi, n'kukhala K50,000 pamwezi. Choncho mayiyu azipereka K65,000 mwezi ndi mwezi, ndipo pomaliza adzakhala atapereka K390,000, yomwe K90,000 ndi chiwongoladzanja.

Mwezi woyamba palibe chodandaula. Mayi ali ndi K300,000 ya eni ake m'manja, walipira K15,000, imeneyo ndi 5 peresenti yeniyeni. Koma tsiku lomwelo wabwezanso K50,000, ndiye mwezi wachiwiri akugwiritsa ntchito K250,000 yokha. Chiwongoladzanja sichinatsike ayi, chikadali K15,000, zomwe ndi 6 peresenti ya ndalama imene watsala nayo. Mwezi wachinayi ali ndi K150,000, ndipo K15,000 yomweyo tsopano yafika 10 peresenti. Mwezi womaliza, ndalama ya bungwe imene ili m'bizinesi yake ndi K50,000 basi, koma akulipirabe K15,000, kutanthauza 30 peresenti pamwezi umodzi. Zili ngati kuchita lendi nyumba ya zipinda 6, mwezi uliwonse n'kumabwezera mwininyumba chipinda chimodzi, iye n'kumalandirabe lendi ya nyumba yonse.

Apa ndiye pagona kulakwika koyamba. Chiwongoladzanja cha fulati chimawerengeredwa pa ndalama imene munatenga tsiku loyamba, osati pa imene mukadali nayo.

Pali njira yachidule yoonera kukula kwa nkhaniyi, yongofuna cholembera ndi kuseri kwa lisiti. Lembani ngongole yotsala mwezi uliwonse: K300,000, K250,000, K200,000, K150,000, K100,000 ndi K50,000. Mukaziphatikiza n'kugawa ndi 6 mupeza K175,000. Imeneyi ndiyo ndalama imene mayiyu anali nayo mwapakatikati pa nthawi yonse ya ngongole. K15,000 pa K175,000 ndi pafupifupi 8.6 peresenti pamwezi. Njirayi imakweza yankho pang'ono kuposa lenileni, koma imakufikitsani pafupi, ndipo ikuonetsa chifukwa chimene odziwa za ngongole amanenera kuti fulati, pa ngongole yobweza pang'onopang'ono, imayandikira kuwirikiza kawiri zimene zalembedwa.

Yankho lenileni limapezeka pofunsa funso lina: kodi ndi peresenti yanji imene, itawerengeredwa pa ngongole yotsala yokha, ingachititse kuti K65,000 yoperekedwa kasanu ndi kamodzi imalize ngongole ya K300,000 ndendende? Funsoli lilibe njira yolunjika yoliyankhira papepala. Mumayesa nambala, n'kuona ngati yakwana.

Tiyese 8 peresenti. Mwezi woyamba K300,000 ibala K24,000, ikhala K324,000, kuchotsa K65,000 itsala K259,000. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja ndi K20,720, ndipo akalipira patsala K214,720. Mukapitiriza chimodzimodzi, mwezi wachitatu patsala pafupifupi K166,898, wachinayi K115,249, wachisanu K59,469. Mwezi womaliza ngongole ndi chiwongoladzanja chake zikwana K64,227, pamene mayi akupereka K65,000. Wapitiriza ndi K773 yokha. Kupitirizako kukutiuza kuti 8 peresenti yachepa pang'ono. Mukanayesa 9 peresenti mukanapeza ngongole itatsalako. Yankho lili pa 8.05 peresenti pamwezi.

Amene ali ndi kompyuta kapena foni yokhala ndi Excel kapena Google Sheets safunika kuvutika chonchi. Amangolemba chiwerengero cha miyezi, ndalama yolipira pamwezi yokhala ndi chizindikiro chochotsera, ndi ndalama imene walandira:

```
=RATE(6,-65000,300000)
```

Makinawo amachita kuyesa komweko mwachangu n'kutulutsa 0.0805. Akaonetsa 8% yokha, onjezani manambala a pambuyo pa kadontho. Mukaiwala chizindikiro chochotsera, m'malo mwa yankho pamatuluka uthenga woti palakwika.

Kulakwika kwachiwiri kuli pochoka pamwezi kupita pachaka. Ambiri angachulukitse 8.05 ndi 12 n'kupeza pafupifupi 97 peresenti. Nambala imeneyi ili ndi ntchito yake. Ku Amereka, kumene lamulo la 1968 linakakamiza obwereketsa kuulula mtengo wa ngongole pachaka, amawerengera motero. Koma imanyalanyaza mfundo yoti ndalama yolipidwa mu Januwale si yofanana ndi yolipidwa mu Disembala. Wobwereketsa akalandira K65,000 ya mayi wa kaunjika, saisunga pansi pa pilo, amaibwereketsanso kwa wina mawa lake, ndipo nayo imayamba kubala. Mayinso, ikanakhala m'manja mwake, akanaizunguliza pa belo lina. Kuti zimenezi zilowe m'masamu, chiwongoladzanja chiyenera kuberekana mwezi ndi mwezi, monga amawerengera ku Ulaya. Mumatenga 1.0805, n'kuichulukitsa yokha maulendo 12, kenaka n'kuchotsa 1:

```
=(1+0.0805)^12-1
```

Yankho ndi 1.53, kutanthauza 153 peresenti pachaka. Pa kakyuleta wamba, lembani 1.0805 ndi kuchulukitsa ndi 1.0805 maulendo 11, mupeza pafupifupi 2.53. Uwu ndiwo mtengo weniweni wa pachaka wa ngongole imene inamveka ngati ya 60 peresenti.

Ndipo sitinafike pa zodula. Kawirikawiri wobwereka salandira ndalama yonse imene wasainira. Pamachoka ya fomu, ya kayendetsedwe ka ngongole, mwinanso ya inshuwalansi. Tinene kuti zonse pamodzi zakwana K15,000, mayi watuluka muofesi ndi K285,000, koma akubwezabe K65,000 pamwezi ngati kuti analandira K300,000 yonse. Lamulo la masamuwa ndi limodzi: lembani ndalama imene yafikadi m'manja, ndi ndalama imene ikutulukadi m'thumba, mosasamala dzina limene aipatsa. Mukasintha 300000 kukhala 285000, mwezi ufika pa 9.77 peresenti, ndipo chaka chidumphira pa 206 peresenti. K15,000 yokha yawonjezera mapointi oposa 50, chifukwa yadulidwa tsiku loyamba pa ngongole yaifupi. Chimodzimodzinso ndi ndalama imene mabungwe ena amati muyambe mwasunga kwa iwo ngati chikole: nayo iyenera kuchotsedwa pa zimene mwalandira, n'kudzawerengedwa ngati yobwerera pa tsiku limene adzakubwezereni.

Wina anganene kuti 153 peresenti ndi nambala yongoopsezera anthu, poti mayiyu walipira K90,000 pa K300,000, zomwe ndi 30 peresenti, ndipo ngongole yatha pa theka la chaka. Akunena zoona pa mbali imodzi. Palibe tsiku limene mayi adzatulutse K459,000 ya chiwongoladzanja, yomwe ndi 153 peresenti ya K300,000. Mtengo wa pachaka si bilu, ndi muyeso, ndipo phindu lake limaoneka pamene pali ngongole ziwiri zoti musankhepo. Tinene kuti bungwe lina, kapena sako ya kuntchito, likupereka K300,000 yomweyo pa miyezi 6 koma pa 7 peresenti pamwezi yowerengeredwa pa ngongole yotsala. Pakhutu, 7 ndi wamkulu kuposa 5, ndipo ambiri angathawe. Koma kumeneko malipiro a pamwezi ndi pafupifupi K62,940, chiwongoladzanja chonse K77,600, mtengo wa pachaka 125 peresenti. Amene wathamangira 5 peresenti fulati wataya K12,400 akuganiza kuti wapulumutsa. Ndipo ikanakhala 5 peresenti ya pa ngongole yotsala, akanalipira K59,105 pamwezi ndi chiwongoladzanja cha K54,630 chokha.

Pali malire ena oyenera kuwadziwa, kuti tisamaweruze fulati iliyonse mofanana. Chimene chimakweza mtengo ndi kubweza pang'onopang'ono. Mlimi amene watenga K300,000 pa 5 peresenti fulati, n'kugwirizana kuti adzabweza K390,000 yonse kamodzi akakolola patatha miyezi 6, wagwiritsa ntchito ndalama yonse nthawi yonse. Kwa iye K1 yasanduka K1.30 pa theka la chaka, ndipo 1.3 kuchulukitsa ndi 1.3 ndi 1.69, ndiye kuti 69 peresenti pachaka. Peresenti ndi yomweyo, chiwongoladzanja ndi K90,000 yomweyo, koma wina ali pa 69 pamene mnzake ali pa 153. Mbali inayi nayonso ndi yoona: ngongole yomweyo ikamabwezedwa sabata ndi sabata m'malo mwa mwezi ndi mwezi, mtengo umakweranso, chifukwa ndalama ikubwerera kwa mwini wake msanga. Pamenepo mumalemba chiwerengero cha masabata ndi malipiro a pasabata, ndipo pomaliza mumagwiritsa ntchito 52 m'malo mwa 12.

Sindikuti mabungwe onse ogwiritsa ntchito fulati ndi akuba. Kutsatira ngongole zing'onozing'ono m'misika ndi m'midzi kumadya ndalama zambiri, ndipo kwa mlangizi amene akufotokozera gulu la amayi pansi pa mtengo, nambala imodzi yosasintha n'njosavuta kuinena. Komabe sizingakhale mwangozi kuti njira yosavutayo ndi yomwenso imachititsa ngongole kuoneka yotchipa. Kuno kwathu mabungwewa amayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu pansi pa lamulo la 2010 la mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono, koma woyang'anira sakhalapo pamene mukusaina.

Kuzindikira fulati sikuvuta ngakhale liwulo lisanatchulidwe. Pemphani pepala loonetsa malipiro a mwezi uliwonse, ndipo yang'anani mzere wa chiwongoladzanja. Ngati nambala yake ndi imodzimodzi kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza pamene ngongole ikutsika, imeneyo ndi fulati. Pa ngongole yowerengeredwa pa yotsala, nambalayo imachepa mwezi uliwonse. Funsaninso chimene chidzachitike mukafuna kumaliza msanga. Mayi wa kaunjika malonda atamuyendera, n'kufuna kutseka ngongole atangolipira miyezi 3, ngongole yeniyeni yotsala ndi K150,000. Mapangano ena a fulati amafuna kuti aperekenso K45,000 ya miyezi itatu imene sadzagwiritsa ntchito ndalamayo, ndipo zikatero mtengo wa pachaka umakwera kuposa 153 peresenti, chifukwa walipira K90,000 yomwe ija pa nthawi yofupikirapo. Yankho la funsoli liyenera kuoneka m'chikalata chimene mukusainacho, osati kungolimva pakamwa pa mlangizi.