Nthawi ya aneni polemba maudindo mu mbiri ya munthu

Nthawi ya aneni polemba maudindo mu mbiri ya munthu ndi nkhani yosankha pakati pa nthawi yatsopano ndi nthawi yakale pamene wolemba akufotokoza ntchito kapena udindo wa munthu. M'Chichewa kusankhaku kumaonekera kwambiri pa mawu awiri, "ndi" komanso "anali" (ena amalemba "adali"). Wolemba amayenera kuyankha mafunso awiri payekhapayekha: kodi munthuyo ali moyo, ndipo kodi udindowo akadali nawo? Zolakwika zambiri zimabwera pamene mafunso awiriwa ayankhidwa ndi mneni mmodzi.

Chiganizo choyamba

Chiganizo choyamba cha mbiri chimanena za munthuyo, osati za mpando wake. Munthu wamoyo amalembedwa ndi "ndi", ndipo womwalira amalembedwa ndi "anali". Owerenga ambiri akaona dzina, tsiku lobadwa, kenako "anali", amamva kuti munthuyo anatisiya, ngakhale wolemba amangofuna kunena kuti anachoka pa ntchito.

Chitsanzo ndi Lazarus Chakwera, amene anabadwa pa 5 Epulo 1955 m'boma la Lilongwe. Iwo analumbira kukhala pulezidenti wa Malawi pa 28 Juni 2020 ku City Centre, ndipo anasiya udindowu pa 4 Okutobala 2025, tsiku limene Peter Mutharika analumbira atapambana chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025. Pa zaka zisanu zimenezo mbiri yawo ikanatha kuyamba ndi mawu akuti "Lazarus Chakwera ndi pulezidenti wa Malawi". Tsiku la 4 Okutobala litafika, chiganizocho chinasanduka bodza. Njira yachidule imene ambiri amathamangira ndi kungochotsa "ndi" n'kuikapo "anali". Chiganizo chakuti "Lazarus Chakwera anali pulezidenti wa Malawi" n'choona ndithu, koma chikakhala choyamba m'nkhani chimamveka ngati mbiri yowerengedwa pa maliro.

Njira yabwino ndi kugawa chiganizocho pawiri, mbali ya munthu ndi mbali ya udindo: "Lazarus Chakwera (anabadwa pa 5 Epulo 1955) ndi wandale komanso m'busa wa ku Malawi amene anali pulezidenti wa dzikoli kuyambira 2020 mpaka 2025." Apa "ndi" akusonyeza kuti munthuyo alipo, pamene "anali" wangogwira udindo wokha, ndipo zaka ziwirizo zautsekera mbali zonse.

Udindo uliwonse uli ndi nthawi yake

Munthu mmodzi amatha kukhala ndi maudindo angapo amene anayamba ndi kutha pa nthawi zosiyana, choncho m'ndime imodzi mungapezeke nthawi zonse ziwiri popanda cholakwika. A Chakwera anatsogolera mpingo wa Malawi Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013. Udindo umenewu unatha, ndiye ulembedwa m'nthawi yakale. Mu Ogasiti 2013 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipani cha Malawi Congress Party, ndipo pamene ankatuluka m'nyumba ya boma ya Kamuzu Palace mu 2025 utsogoleri wa chipaniwo anali akadali nawo. Wolemba amene akanasintha aneni onse m'nkhaniyo kukhala a nthawi yakale tsiku limenelo akanawachotsanso pa mpando umene sanachokepo.

Zochitika zimasiyana ndi maudindo. Kubadwa, kusankhidwa, kulumbira ndi kutula pansi udindo zimachitika kamodzi, ndiye nthawi zonse zimalembedwa m'nthawi yakale, kaya munthuyo ali moyo kaya ayi. Chiganizo chakuti "anasankhidwa mu 2013" sichidzafunikanso kukonzedwa. Chimene chimakalamba ndi chiganizo chakuti "ndi mtsogoleri wa chipani". Pa chifukwa chimenechi alembi osamala amakonda kulemba chochitika ndi chaka chake kusiyana ndi kudalira "ndi" yekha.

Udindo umene unayamba kale koma ukupitirira uli ndi kalembedwe kake: "wakhala ali mphunzitsi wamkulu kuyambira 2019", kapena mwaulemu "akhala ali". Kalembedweka kamafuna chaka choyambira, ndipo sikalandira chaka chomalizira. Mukaona "wakhala ali" pamodzi ndi "mpaka 2022", dziwani kuti wina anawonjezera chaka koma anaiwala kukonza mneni.

Palinso mawu amene amaoneka ngati udindo pomwe ndi mbiri yosasinthika. Joyce Banda analamulira dziko kuyambira pa 7 Epulo 2012 mpaka mu Meyi 2014. Upulezidenti wawo uli m'nthawi yakale, koma "ndi mayi woyamba kukhala pulezidenti wa Malawi" ndi chiganizo cholondola m'nthawi yatsopano, pakuti kukhala woyamba sikutha ndi chisankho. Chimodzimodzi munthu amene analemba mabuku amakhalabe mlembi ngakhale atatha zaka osalemba kanthu.

Vuto la "wakale"

Mawu akuti "wakale" amathandiza kusunga "ndi" pa munthu wamoyo: "ndi nduna yakale", "ndi phungu wakale". Kwa anthu a mpingo, aphunzitsi ndi asilikali pamagwiranso mawu akuti "wopuma", monga "bishopu wopuma". Koma "wakale" ali ndi malire awiri.

Oyamba ndi akuti mawuwa amawerengera kuchokera pa tsiku limene munthu akulemba, ndipo tsikulo limasuntha. Peter Mutharika analamulira kuyambira 2014 mpaka 2020. Kwa zaka zisanu zotsatira kunali kolondola kuwatchula kuti pulezidenti wakale. Kuchokera pa 4 Okutobala 2025 nkhani iliyonse imene inatsala ndi mawuwo inayamba kusocheretsa owerenga. Nkhani imene inalembedwa kuti "analamulira kuyambira 2014 mpaka 2020" inangofunika kuwonjezeredwa, osati kufufutidwa.

Achiwiri ndi akuti "wakale" sayenera kulowa m'chiganizo chonena za nthawi imene munthuyo anali pa udindo. Kulemba kuti "mu 2021 pulezidenti wakale Chakwera analankhula ku Nyumba ya Malamulo" kumapereka chithunzi chakuti mu 2021 anali atachoka kale. Zolondola ndi "a Chakwera, amene panthawiyo anali pulezidenti". Ndipo pa munthu womwalira mawuwa amangolemetsa chiganizo. Hastings Kamuzu Banda, amene anamwalira pa 25 Novembala 1997 ndipo manda ake ali ku City Centre pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, "anali pulezidenti woyamba wa Malawi". Kulemba "anali pulezidenti wakale" ndi kunena chinthu chimodzi kawiri. Mawu akuti "malemu" nawonso amamveka bwino pa wailesi ndi pa mwambo wa maliro, koma m'nkhani imene yaika kale tsiku lomwalira pafupi ndi dzina sakuwonjezera kanthu.

Mphatikiram'kati "-ma-"

Pali vuto lina limene limapezeka m'Chichewa cholemba chokha. Mphatikiram'kati "-ma-" amagwira ntchito ziwiri. Mawu akuti "amasoka" angatanthauze kuti munthuyo ndi ntchito yake mpaka lero, kapena kuti ankachita zimenezo kale. Polankhula timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu, koma kalembedwe kathu ka masiku onse sikaonetsa zimenezo.

Tiyerekeze kuti wina akulemba za telala wa ku Old Town: "Amasoka zovala pafupi ndi msika wa Lilongwe." Wowerenga sangadziwe ngati angakamupeze telalayo mawa kapena ngati anatseka malowo zaka khumi zapitazo. Ngati ntchitoyo inatha, kulemba "ankasoka" kumathetsa chikayiko, chifukwa "-nka-" amaloza kale basi. Ngati ikupitirira, "amasoka" akhoza kutsala, koma ndi bwino kumuthandiza ndi chaka: "wakhala akusoka zovala pamalopo kuyambira 2010". M'mbiri ya munthu womwalira, "-ma-" aliyense ndi woyenera kumuyang'ananso kawiri.

Pa "-na-" ndi "-da-" palibe chovuta chachikulu. "Anali" ndi "adali" onse ndi olondola, chofunika ndi kusankha m'modzi ndi kumutsatira m'nkhani yonse. Chosokoneza n'chakuti "akadali" kapena "adakali", ngakhale amafanana ndi "adali", amanena za chinthu chimene chikupitirira, ndipo chilembo chimodzi kapena ziwiri zikasowa tanthauzo limatembenuka.

Nthawi yosinthira

Kudziwa mneni woyenera n'kosavuta poyerekeza ndi kudziwa tsiku lomusinthira. Udindo wa boma susintha pa tsiku loponya voti kapena lolengeza zotsatira, umasintha munthu akalumbira. Bungwe loyendetsa zisankho linalengeza kupambana kwa a Mutharika pa 24 Sepitembala 2025, koma kwa masiku khumi otsatira pulezidenti anali akadali a Chakwera. Pa masiku oterewa wopambana amalembedwa kuti "anasankhidwa" ndipo "adzalumbira", pamene amene akuchoka amasungabe "ndi".

Pa imfa m'pofunika kudekha kwambiri. Pa 10 Juni 2024 ndege imene inanyamula wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, koma inasowa. Usiku wonse anthu ankatumizirana mauthenga osiyanasiyana pa mafoni. Boma linalengeza pa 11 Juni kuti ndegeyo yapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndipo palibe amene anapulumuka. Pa 10 Juni chiganizo choyenera chinali chakuti "ndi wachiwiri kwa pulezidenti", n'kuwonjezera kuti ndege yawo yasowa. Kulemba "anali" usiku umenewo kukanakhala kulengeza maliro eni ake asanalengeze. Zitatsimikizika, tsiku lomwalira limene linalembedwa ndi la ngoziyo, 10 Juni, osati la chilengezo.

Zofanana nazo zinachitika mu Epulo 2012. Bingu wa Mutharika anagwa ali ku nyumba ya boma ku Lilongwe pa 5 Epulo ndipo anamwalira tsiku lomwelo, koma boma linalengeza imfayo pa 7 Epulo.

Imfa ikatsimikizika, kusintha chiganizo choyamba chokha sikokwanira. Nkhani yonse iyenera kuwerengedwanso, makamaka ndime za banja ndi za kumene munthuyo ankakhala, chifukwa ndi mmene mumabisala "ali ndi ana", "amakhala ku Area 43" kapena "amapemphera ku Maula". Ziganizo zonena za anthu ena amoyo, monga ana ndi mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo, zimatsala m'nthawi yatsopano. Zimene munthuyo anasiya zimatsalanso momwemo ngati zilipobe: chipani cha UTM a Chilima "anachitsogolera", koma chipanicho "ndi" chipani cha ndale cha ku Malawi.