Kupima Zinyalala za pa Sukulu

Kamwala ndi malo a nyumba ndi a malonda mu mzinda wa Lusaka. Munthu woyenda pakati pa masitolo ace madzulo amaona makatoni, mapepala, mabotolo ndi makoko a zipatso ataunjikana m'mbali mwa msewu. Zina za zinyalala zotere zimatengedwa pa galimoto kupita ku dzala lalikulu la mzinda ku Chunga, koma zina zimagwera m'ngalande ndi kuzitseka. Tsono mvula ikagwa madzi amasowa njira, nasefukira m'zimbudzi ndi m'zitsime zosazama za m'makomboni monga Kanyama ndi Chawama. Madzi oipitsidwa motero ndiwo amafalitsa kolera. Mu Januwale 2018, ndiponso mu Januwale 2024, ana a m'Zambia anacedwa kutsegulira sukulu cifukwa ca nthenda imeneyi.

Sukulu nayo imatulutsa zinyalala tsiku ndi tsiku. Koma mphunzitsi wamkulu akafunsidwa kuti, "Kodi n'ciani cimene mumataya kwambiri pano?" kawirikawiri amangoyang'ana mu mgolo ndi kuchula cimene cili pamwamba. Maso amanyenga. Njira yokhayo yodziwira zoona ndiyo kusonkhanitsa zinyalalazo, kuzipatula, kuzipima pa sikelo ndi kulemba. Iyi ndi nchito imene ana a m'makalasi apamwamba angathe kuigwira pamodzi ndi aphunzitsi ao.

Kusankha masiku

Coyamba ndico kusankha masiku opimira. Tsiku limodzi silikwana, pakuti lingakhale losiyana ndi anzace. Masiku atatu otsatana a pakati pa sabata, Laciwiri, Lacitatu ndi Lacinai, ndiwo abwino. Tsiku la masewera, la mayeso kapena lotsekera sukulu liyenera kupewedwa, cifukwa zotayidwa pa masiku otere siziri za nthawi zonse. Pa Lolemba madzulo migolo yonse ikhuthulidwe ndi bwalo lisesedwe, kuti zinyalala za sabata yatha zisalowe m'ciwerengero.

Ndi nzeru kusauza sukulu yonse za masikuwo. Ana akamva kuti zotaya zao zidzaonedwa, ena amayamba kuzibisa m'matumba ao kapena kuziponya kuseri kwa mpanda, ndipo sikelo imanena za sukulu yaukhondo imene kulibe.

Zipangizo ndi kudzisamala

Zofunika n'zocepa: sikelo yopacika yonga ya ogula cimanga, ndowa zisanu zofanana za malita 20, masaka, cinsalu cacikulu ca pulasitiki coyala pansi, magolovesi olimba, timitengo totembenuzira zinyalala, sopo ndi madzi, ndi buku lolembamo.

Pali zinthu zimene mwana sayenera kuzikhudza konse. Zocokera ku zimbudzi, nsalu za magazi, singano za jekeseni ndi malezala sizipatulidwa. Munthu wamkulu azicotse yekha, nalembe m'buku kuti zinapezeka. Magalasi osweka anyamulidwe ndi fosholo. Opatula onse abvale nsapato ndi magolovesi, asadye kanthu ali pa nchito, ndipo akatsiriza asambe m'manja ndi sopo. Ngati mu mzinda muli kolera, nchito yonseyi idikire kufikira nthendayo itatha.

Kusonkhanitsa ndi kupatula

Malo ali onse akhale ndi saka lacelace lolembedwa dzina: makalasi, ofesi, bwalo, ndi pa cipata pamene amai amagulitsa zakudya. Ici cimathandiza pambuyo pace, pakuti kudziwa kumene cinyalala cicokera ndiko kudziwa wokamba naye. Masakawo asungidwe pansi pa denga. Pepala likanyowa ndi mvula limalemera kwambiri, ndipo sikelo imapima madzi m'malo mwa pepala.

Ana akaweruka, saka liri lonse lipimidwe lisanatsegulidwe, ndi kulemera kwace kulembedwe. Pamenepo likhuthulidwe pa cinsalu cija, pa mthunzi popanda mphepo, ndi zinyalala zigawidwe milu isanu. Mulu woyamba ndi wa zotsala za cakudya, monga makoko a nthoci, zitsononkho za cimanga ndi zotafuna za nzimbe. Waciwiri ndi wa masamba ndi mcenga wosesedwa pabwalo. Wacitatu ndi wa mapepala ndi makatoni, wacinai wa mabotolo ndi matumba a pulasitiki, ndi wacisanu wa zina zonse, monga zitini ndi nsanza.

Pano mpamene pafunika kudekha. Botolo lokhala ndi madzi liyambe lakhuthulidwa. Pepala lonona ndi mafuta a vitumbuwa lisaikidwe pamodzi ndi mapepala oyera, pakuti ogula mapepala salifuna. Malo ace ndi pa mulu wa zobvunda. Pakabuka mkangano pa cinthu cina, mphunzitsi agamule, ndipo cigamuloco cilembedwe, kuti mawa cinthu comweco cisapite ku mulu wina.

Kupima

Mulu uli wonse upimidwe m'njira ziwiri: kulemera kwace, ndi kuculuka kwa ndowa zimene wadzaza. Asanathiremo kanthu, ndowa ipimidwe iri yopanda kanthu. Ngati ilemera kilogalamu 1, ndipo itadzala makoko sikelo ionetsa makilogalamu 8, m'buku mulembedwe 7. Ambiri amaphonya pamenepa. Kilogalamu imodzi ioneka yaing'ono, koma woiwala kuicotsa pa ndowa 37 walemba makilogalamu 37 a zinyalala zimene kunalibe.

Citsanzo ca ciwerengero

Naci citsanzo congoyerekeza, ca sukulu ya ana 600 ya ku Kamwala imene yapima masiku atatu. M'buku mwace mwalembedwa motere:

Zotsala za cakudya: makilogalamu 36, ndowa 5.
Masamba ndi mcenga: makilogalamu 27, ndowa 6.
Mapepala ndi makatoni: makilogalamu 15, ndowa 10.
Pulasitiki: makilogalamu 9, ndowa 15.
Zina zonse: makilogalamu 3, ndowa 1.

Zonse pamodzi ndi makilogalamu 90 m'ndowa 37. Asanakhulupirire ciwerengero cimeneci, opima abwerere ku kulemera kwa masaka aja anapimidwa asanatsegulidwe. Ngati anali makilogalamu 92, kusiyana kwa 2 sikudetsa nkhawa, cifukwa masaka eni ace ali ndi kulemera kwao, madzi ena anatayika, ndi pfumbi linauluka. Koma ngati anali 110, pali colakwa: kapena ndowa zina sizinalembedwe, kapena mulu wina unatayidwa usanapimidwe.

Makilogalamu 90 akagawidwa pa masiku atatu, tsiku limodzi litenga 30. Awa akagawidwanso pa ana 600, mwana ali yense ataya magalamu 50 pa tsiku, kulemera kosafika kwa nthoci imodzi. Koma temu ya masabata 13 iri ndi masiku a sukulu 65, ndipo 30 kuculukitsa ndi 65 ndi makilogalamu 1,950. Ndiwo matumba 39 a makilogalamu 50.

Cimene ciwerengero ciphunzitsa

Woyang'ana ndi maso akadanena kuti bvuto la sukulu iyi ndi pulasitiki basi, pakuti yadzaza ndowa 15 mwa 37. Koma pa sikelo pulasitiki ndi gawo limodzi cabe mwa magawo khumi. Zolemera ndizo cakudya, masamba ndi mcenga, zimene pamodzi zikwana makilogalamu 63, ndiwo magawo asanu ndi awiri mwa khumi. Miyeso iwiriyi iyankha mafunso awiri osiyana. Ndowa zinena cimene cidzaza mgolo msanga ndi kuulukira ku ngalande. Sikelo inena cimene cilemetsa wonyamula, ndipo mwa zolemerazo cakudya ndico cibvunda ndi kuitana nchenche ndi makoswe.

Tsono sukulu idziwa cocita. Makilogalamu 63 aja sayenera kutuluka pa cipata konse. Mcenga ubwerere m'malo okumbika a pabwalo, ndi osesa aphunzire kutola masamba osakokolola nthaka. Masamba ndi makoko aikidwe m'dzenje la manyowa, mosanjikiza ndi dothi pang'ono, kuti adyetse dimba la sukulu. Koma nyama ndi mafupa zisalowemo, cifukwa ziitana agalu ndi makoswe. Mabotolo aphwanyidwe ndi phazi kuti acepe, nasungidwe pa okha, popeza mu Lusaka muli anthu amene amatola mabotolo ndi makatoni ndi kukagulitsa kwa opanga zinthu zatsopano. Pulasitiki isatenthedwe, pakuti utsi wace uwononga cifuwa. Ngati maina a pa masaka aonetsa kuti timatumba tambiri ticokera pa cipata, mphunzitsi wamkulu akambe ndi amai ogulitsa, ndi mgolo umodzi uikidwe pomwepo. Zotsala zocepazo ndizo zoyenera kupatsidwa kwa onyamula zinyalala obvomerezedwa ndi Khonsolo ya mzinda.

Ofesi yaing'ono, yonga ya sitolo ya ku Kamwala, itsata njira yomweyi. Kusiyana kwace nkwakuti zotaya za anthu asanu n'zocepa, motero ipime sabata yathunthu, ndi mapepala ace igawe pawiri: olembedwa mbali zonse, ndi amene kuseri kwace kukali koyera.

Kupimanso

Kupima kamodzi kunena za masiku atatu okhawo. Mu Novembala ndi Disembala mulu wa cakudya umakula ndi makoko ndi njere za mango. M'miyezi ya mphepo, Ogasiti ndi Seputembala, masamba ndi pfumbi ndizo ziculuka. Cifukwa cace buku lija lisungidwe bwino, ndipo nchitoyi ibwerezedwe temu iri yonse, pa masiku omwewo a sabata, ndi ndowa zomwezo ndi milu yomweyo. Poona ngati zinthu zasintha, ciwerengero ca Novembala cilinganizidwe ndi ca Novembala wa caka catha, osati ndi ca Juni. Ndipo ngati ana aculuka pa sukulupo, coyenera kuyang'ana ndico magalamu a mwana mmodzi pa tsiku. Akatsika kucokera pa 50 kufika pa 35, pamenepo sukulu idziwa ndithu kuti yacepetsa zotaya zace.

Mafunso

1. Cifukwa ninji masaka ayenera kusungidwa pansi pa denga?
2. Ndowa ilemera kilogalamu 1. Itadzala mapepala katatu, sikelo inaonetsa 3, 2 ndi 3. Mapepala okha alemera makilogalamu angati?
3. Sukulu ya ana 400 yataya makilogalamu 72 pa masiku atatu. Mwana mmodzi ataya magalamu angati pa tsiku?