Dzina la galimoto silokwanira pogulitsa sipeya

Ndimagulitsa masipeya ogwirapo kale ntchito kuno ku Kitwe, ndipo ambiri mwa ogula anga sitionana maso ndi maso. Amaona chithunzi pa foni, kutumiza ndalama pa Airtel kapena MTN, ine n'kukweza katundu pa basi ya ku Ndola, Chingola kapena Mufulira. Pa malonda otere, mawu amene ndalemba pansi pa chithunzi ndi amene amagwira ntchito ya maso ndi manja a wogula. Ndiye chimandipweteka ndikamaona anzanga akulemba kuti: "Giyabokisi ya Corolla ilipo, ili bwinobwino, imbani." Pamenepo wogula wauzidwa zochepa kwambiri, ndipo zimene zabisika ndi zomwe zidzamudyere ndalama.

Tiyambire pa giyabokisi yomweyo. Corolla ya ku Japan imene yadzaza m'misewu ya Kitwe ndi Ndola, ya pakati pa 2000 ndi 2006, ili ndi chizindikiro cha NZE121 ikakhala ya injini ya 1NZ-FE, ija ya malita 1.5. Giyabokisi yake yodzisintha yokha ndi U340E, ya magiya anayi. Corolla Axio imene inabwera mu 2006, NZE141, ili ndi injini ya dzina lomwelo la 1NZ-FE, koma giyabokisi yake ndi K310, ya mtundu wa CVT, imene imayendera lamba wachitsulo m'malo mwa magiya owerengeka. Nkhani ndi yomweyo pa Allion ndi Premio: NZT240 ya 2001 mpaka 2007 ili ndi U340E, pamene NZT260 yoyambira mu 2007 ili ndi CVT. Dzina ndi limodzi, injini ndi imodzi, koma mawaya, kompyuta yoyendetsa giyabokisi ndiponso oyilo wake n'zosiyana. Pali inanso, NZE124, imene imakoka ndi mateyala onse anayi. Yake ndi U340F, ndipo ya NZE121 singalowe m'malo mwake.

Taganizirani bambo wa takisi wa ku Chifubu amene waona mawu akuti "ya Corolla 1NZ" n'kulipira. Giyabokisi yafika, makaniko watsitsa kale yakale, ndipo pamene akuyerekeza mapulagi ndi pomwe akuzindikira kuti yabwerayo ndi ya galimoto ina. Kitwe ndi Ndola zatalikirana makilomita 60 kapena kuposera pang'ono, koma chitsulo cholemera chotere kuchibweza kumafuna ndalama ya mayendedwe kawiri, makaniko afuna yake, ndipo takisi yagona pa majeke osabweretsa kanthu kunyumba. Wogulitsa sananame. Anangolephera kulemba zilembo zisanu.

Zilembozo sizovuta kupeza. Galimoto iliyonse ya Toyota ili ndi kachitsulo kapena kapepala ka fakitale, pa zina pansi pa boneti kukhoma la kumbuyo kwa injini, pa zina pamzati wa chitseko. Pamenepo pali mizere ya MODEL, ENGINE, FRAME No. ndi TRANS/AXLE. Hafukati ikafika pabwalo langa, anyamata sakhudza sipanala ndisanajambule kachitsulo kameneka, chifukwa zitsulo zikangosakanikirana pa shelefu palibenso amene angalumbire kuti ichi chinachoka pa galimoto iti. Chilichonse chimene tamasula timachilemba ndi penti chizindikiro cha galimoto yake tsiku lomwelo. Kwa wogula ndimapempha chinthu chimodzi: chithunzi cha kachitsulo ka galimoto yake. Chaka chimene amanditchulira sindichidalira kwenikweni, poti anthu ambiri amatchula chaka chimene galimoto inalembetsedwa ku RTSA itatulukira pa Nakonde, pomwe inapangidwa zaka zambiri m'mbuyomo.

Tsopano nambala ya sipeya. Ya Toyota imakhala ya manambala khumi, asanu kenako kamzere kenako asanu. Asanu oyamba amanena mtundu wa chitsulo: 27060 ndi olutaneta, 28100 ndi sitata, 89661 ndi kompyuta ya injini. Asanu omaliza ndi amene amasiyanitsa galimoto ina ndi inzake, choncho amene walemba theka loyamba lokha sanathandize aliyense. Pa zitsulo zamagetsi mumapezanso nambala yachiwiri, ya kampani imene inapanga chitsulocho, kawirikawiri Denso. Zonse ziwiri zijambuleni, koma imene ikhale patsogolo ndi ya Toyota, chifukwa ndi imene wogula angaiyerekeze ndi ya pa chitsulo chake chakale.

Nditenge koyilo, kachitsulo kamene kamapereka moto ku pulagi, chifukwa ndi kamene kamayenda kwambiri pakati pa anthu a matakisi. Pa injini ya 1NZ-FE ya zaka zimene ndatchulazi, koyilo yake ndi 90919-02240. Ya injini ya 1ZZ-FE, ya malita 1.8, imene ili mu Corolla ya ZZE122 ndi Allion ya ZZT240, ndi 90919-02239. Pa chithunzi cha foni ziwirizi zimaoneka ngati mapasa: zonse zakuda, zonse za pulagi ya mapini anayi. Kusiyana kuli pa manambala awiri omalizira. Chilengezo changa cha koyilo yotere chimakhala chonchi:

Koyilo ya Toyota, 90919-02240, yopangidwa ndi Denso. Yachoka pa Corolla NZE121, injini 1NZ-FE. Imalowanso pa RunX ndi Allex NZE121, Fielder NZE121G, Allion ndi Premio NZT240, IST NCP60 ndi NCP61. Si ya 1ZZ-FE. Yayesedwa pa injini yoliza, sikudumphitsa moto. Labala wa kumunsi ndi wofewa, alibe ming'alu. Kotsekera pulagi n'kothyoka, pulagi imagwira koma imafuna kumangirira. Mtengo ndi wa imodzi, zilipo zitatu. Masiku 7 obweza ngati penti yanga sinafufutidwe. Yerekezani nambala ndi ya koyilo yanu musanalipire.

Mzere wa magalimoto amene chitsulo chimalowa ndi pamene ogulitsa timayesedwa mtima. Mayina akachuluka, mafoni amachulukanso, ndiye munthu amafuna kuwonjezera Vitz, Spacio, Raum, chilichonse chimene chili ndi chizindikiro cha Toyota. Koma Vitz si imodzi. Pali SCP10 ya injini ya 1SZ-FE, NCP10 ya 2NZ-FE, ndi KSP90 ya 1KR-FE imene ili ndi masilinda atatu okha. Kulemba "Vitz" popanda chizindikiro n'kumuponyera wogula maere. Lamulo langa ndi lakuti galimoto imalowa pa mzerewu pokhapokha ngati ndaiona m'katalogi ya masipeya pansi pa nambala yomweyo, kapena ndamasulapo chitsulo cha nambala imeneyo ndi manja anga. Zimene ndangomva kwa amakaniko ku Chisokone kapena ku Masala kuti "zimalowa" ndimazisunga m'mutu mpaka nditatsimikiza. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona, koma kulowa ndi kugwira ntchito bwino kwa miyezi ndi nkhani ziwiri.

Chiganizo chakuti "Si ya 1ZZ-FE" ndimachilemba dala. Wogulitsa amadziwa galimoto imene anthu amakonda kusokoneza ndi iyi, ndiye ndi bwino kuitchula poyera. Kuno ku Copperbelt pali zosokoneza ziwiri zimene zimabwerabe. Choyamba ndi Corolla ndi RunX zopangidwa ku South Africa: dzina ndi lomwelo, koma nambala ya chasisi ndi ya zilembo 17 yoyamba ndi AHT, ndipo zambiri zili ndi injini za malita 1.4 ndi 1.6, osati 1NZ-FE. Chachiwiri ndi ogula ochokera ku Congo kudzera pa Kasumbalesa. Ena mwa iwo ali ndi magalimoto a chiwongolero cha kumanzere, ndipo raki ya chiwongolero kapena nyali za kutsogolo zochoka pa hafukati ya ku Japan sizingawathandize. Pa zitsulo za mbali, kumanja ndi kumanzere timawerengera munthu atakhala pa mpando akuyang'ana kutsogolo, osati ataima kutsogolo kwa boneti. Pa galimoto za ku Japan kumanja ndi mbali ya dalaivala, ndipo ndimalemba zonse ziwiri kuti pasakhale kukayika.

Mbali ya mmene chitsulo chilili ndi imene ndimaitenga mozama kuposa zonse. Mawu akuti "chili bwino" kapena "changati chatsopano" sanena kanthu, chifukwa palibe amene amalemba kuti chake n'choipa. Chofunika n'kunena chimene mwachita ndi chimene mwaona. Koyilo timaiyesa poiika pa injini yoliza bwino n'kuisiya itenthe, popeza yofooka imatha kugwira injini ili yozizira n'kuyamba kudumphitsa moto ikatentha. Makina owerengera zolakwika akasonyeza P0301 mpaka P0304, ndiye kuti silinda ya nambala yomalizirayo ikuphonya. Mukasuntha koyilo kupita pa silinda ina cholakwikacho n'kuitsatira, koyiloyo ndi yotaya. Timayang'ananso timizere totuwa kapena takuda m'mbali mwake, pamene moto unkathawira.

Giyabokisi ya pa hafukati ndi nkhani ina, chifukwa galimoto yodulidwa pakati siingayende pamsewu. Apa chilungamo n'kulemba kuti "sinayesedwe pamsewu", kenako kunena zimene zingaoneke: oyilo ndi wofiira kapena wakuda wonunkha kupsa, m'beseni la pansi muli tizidutswa tachitsulo kapena mulibe, chigoba chili ndi mng'alu kapena chinawotcheredwapo, konivata ilipo kapena ayi, masensa ndi mapulagi alipo onse kapena ena anachotsedwa. Makilomita ndimawalemba pokhapokha ngati hafukati inabwera ndi dashibodi yake, ndipo ndimanena kuti ndi zimene wotchi ikusonyeza. Chitsulo chimene chinatsegulidwa n'kukonzedwa kuno chilembedwe kuti n'chokonzedwa, osachisakaniza ndi chochoka pa galimoto osakhudzidwa. Ogula a zokonzedwa alipo, bola adziwe chimene akulipira.

Ena amandifunsa ngati kutchula kotsekera kothyoka sikuthamangitsa ogula. Ena amathawadi, ndipo mtengo umatsikako pang'ono. Koma amene wagula atawerenga zimenezi sabwera kudzakangana, ndipo makaniko wake amakonzekeratu chomangira. Chilema chimenecho ndimachijambula pafupi, pambali pa chithunzi cha chitsulo chonse, cha nambala ndi cha mkati mwa pulagi kuti mapini awerengeke. Chithunzi chotengedwa pa intaneti sindichigwiritsa ntchito, ngakhale nambala ifanane, chifukwa wogula akufuna kuona chimene chikwere basi.

Inu amene mukugula, musanatumize ndalama muuzeni makaniko amasule chitsulo chakufacho, achipukute, mujambule nambala yake. Mutumize chithunzicho pamodzi ndi cha kachitsulo ka fakitale, ndipo mupemphe wogulitsa akutumizireni chithunzi cha nambala ya pa chitsulo chimene ali nacho m'manja. Manambala akasiyana, mufunseni chifukwa. Nthawi zina Toyota inasintha nambala yakale n'kuika yatsopano pa chitsulo chomwecho, ndipo wogulitsa wodziwa ntchito adzakuonetsani zimenezi m'katalogi. Ngati yankho lake ndi lakuti "zonse n'chimodzimodzi", ndalama yanu ikhale kaye m'foni mpaka aonetse.