Kalata imene imasonyeza ngati mankhwala alepheradi

Dokotala wa pachipatala cha m'boma akamatumiza wodwala matenda okhumudwa kwa katswiri wa matenda a maganizo, kaya ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu, kawirikawiri kalata yake imanena kuti mankhwala sakuthandiza. Mawu amenewa paokha sakwanira. Akatswiri amati matendawa akukana mankhwala pokhapokha wodwala atayesa mitundu iwiri yosiyana, uliwonse pa mulingo wokwanira komanso kwa nthawi yokwanira, pafupifupi milungu 6 mpaka 8, koma osapeza bwino.

Titenge chitsanzo cha mayi wa zaka 38 amene wakhala miyezi 9 tulo osabwera, chakudya osachifuna, geni yake ataisiya. Kalata yongoti "anamwa amitiriputilini ndi fuluokisetini" imamusiya katswiri m'malere. Kalata yabwino imalongosola kuti mayiyu ankamwa amitiriputilini wa mamiligalamu 25 usiku kwa miyezi itatu, kenaka fuluokisetini wa mamiligalamu 20 m'mawa kwa milungu 8. Katswiri akangowerenga apa amazindikira kuti mankhwala oyambawo sanayesedwe n'komwe, chifukwa mamiligalamu 25 angathe kugonetsa munthu, koma kuti achotse kukhumudwa pamafunika 75 mpaka 150 patsiku. Ndiye kuti mtundu umene walephera ndi umodzi wokha, ndipo mulingo wakenso ukanatha kukwezedwa kufika pa 40.

Nanga ankamwadi tsiku lililonse? Buku la kuchipatala limaonetsa masiku amene ankalandira mankhwala. Ngati pali mwezi umene anasowa thiransipoti, kapena anasiya kaamba ka kuuma kukhosi ndi chizungulire, dokotala alembe mosabisa. Alembenso zotsatira za mafunso a PHQ-9, omwe amawerengedwa kuyambira 0 mpaka 27: kutsika kuchoka pa 21 kufika pa 18 kukusonyeza kuti kusintha n'kochepa kwambiri.

Kalata itchulenso zina zimene zimalepheretsa kuchira, monga kuchepa kwa magazi, chithokomiro chofooka, mowa, nkhanza za m'banja ndi ma ARV, makamaka efavirenzi. Koma funso limene siliyenera kuiwalika ndi lakuti, kodi mayiyu anakhalapo masiku angapo osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, akuyankhula mosalekeza ndi kumwaza ndalama? Ngati zinachitikapo, mwina matenda ake ndi aja osinthasintha pakati pa kukhumudwa ndi kutakataka mopyola muyeso, ndipo mankhwala a kukhumudwa okha angathe kuwakulitsa.

Za maganizo ofuna kudzipha zilembedwe pamwamba penipeni: ngati anayesapo, ngati wakonza njira, komanso amene akukhala naye. Amitiriputilini wambiri nthawi imodzi amawononga kagundidwe ka mtima, choncho otsala kunyumba asungidwe ndi wachibale. Ngati chiopsezo chili chachikulu, dokotala aimbe foni tsiku lomwelo ndipo mayiyu apite ndi womuperekeza.