N'chifukwa chiyani `set` imapeza chinthu msanga kuposa `list`?

Pulogalamu ikhoza kuthamanga bwino ili ndi manambala 100, koma n'kuyamba kukwawa akafika 1,000,000. Kawirikawiri vuto silikhala kompyuta, koma mmene manambalawo asungidwira. M'chiyankhulo cha Python, funso lakuti "kodi nambala iyi ilimo?" limalembedwa chimodzimodzi, `x in manambala`, kaya asungidwa mu `list` kapena mu `set`. Chosiyana ndi ntchito yochitika m'katimo.

`list` ndi mndandanda chabe. Kompyuta imayambira pa chinthu choyamba, kuchiyerekeza ndi chimene ikufuna, kenako chachiwiri, mpaka itachipeza. Ngati chinthucho mulibe, imafika kumapeto isanayankhe. Mndandanda ukatalika kawiri, ntchito nayo imachuluka kawiri. Akatswiri amalemba zimenezi kuti `O(n)`, ndipo `n` ndi kuchuluka kwa zinthu. Chizindikirochi sichiwerenga masekondi, chimangonena mmene ntchito imakulira zinthu zikamachuluka.

`set` siyendayenda choncho. Ili ngati mabokosi a kupositi: ukadziwa nambala ya bokosi, sutsegula ena onse. Kompyuta imawerengetsera nambala ya bokosi kuchokera pa chinthu chenichenicho, pogwiritsa ntchito `hash()`. Tinene kuti mabokosi alipo 8, kuyambira 0 mpaka 7, ndipo tikusunga 27. Python imapereka `hash(27)` kukhala 27 yemweyo. Tikagawa 27 ndi 8 patsala 3, choncho 27 akulowa m'bokosi 3. Pomufuna, kompyuta imabwereza samu yomweyo n'kulunjika pomwepo. Kaya zinthu zilipo 100 kapena 1,000,000, masitepe amakhala pafupifupi omwewo. Imeneyi ndiyo `O(1)`.

Kusiyanaku kumaonekera bwino pa ntchito yaikulu. Muli ndi manambala a foni 1,000,000, ndipo mukufuna kuona ngati ena 10,000 alimo kale. Ngati onsewo ndi achilendo, `list` iyerekeza ka 10,000,000,000. `set` ifunika kufufuza ka 10,000 basi, ulendo uliwonse masitepe owerengeka.

Komabe `O(1)` imanena zimene zimachitika nthawi zambiri, osati nthawi zonse. Nambala 11 nayo ikagawidwa ndi 8 patsala 3, ndiye ikapeza 27 ali kale m'bokosimo imafunafuna lina. Zinthu zikamalimbirana mabokosi chotere, kufufuza kumachedwa. N'chifukwa chake Python imawonjezera mabokosi asanadzaze, ndipo `set` imadya malo ambiri m'kompyuta kuposa `list`. Sisunganso ndondomeko imene zinthu zinalowera, ndipo chinthu chobwerezedwa imachisunga kamodzi.

Kupanga `set` kuchokera ku `list` nakonso ndi `O(n)`, popeza chinthu chilichonse chiyenera kupezeredwa bokosi. Ngati mufufuza kamodzi kokha, simupindulapo kanthu. Ipangeni kamodzi musanayambe kufufuza kobwerezabwereza, chifukwa mukamaipanganso pa funso lililonse, pulogalamu ichedwa kuposa mmene ikanachitira ndi `list`.